Kukonza malo osukuluka m'nthano yaitali: mkwiyo wa mayi uonekere pampando

Mwamaliza kulemba nthano yanu yaitali, masamba 150 kapena kuposerapo. Mukubwerera pamalo amene munkati owerenga adzagwira tsaya, koma inuyo eni ake mukuwerenga maso ali gwa, ngati mukuwerenga kalata ya msonkhano. Nkhani yake ndi yowawa ndithu, koma papepala yasukuluka. Kawirikawiri chimene chachitika n'chakuti mwatchula dzina la zimene mpangankhani akumva mumtima, monga mkwiyo, chisoni kapena manyazi, koma simunapatse owerenga kanthu koti aone ndi maso awo. Munthu ukamuuza kuti "mayi uja adakwiya" amangovomera, n'kupitirira. Ukamuonetsa mayiyo akupatsa mwana wake wobereka yekha mpando wa alendo, owerengayo amazindikira okha kuti pano zinthu sizili bwino, ndipo chimene munthu wazindikira yekha sachedwa kuchikhulupirira.

Tigwira chochitika chimodzi chokha, tichikonze kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Anthu a m'chitsanzochi ndi ongopeka. Malo ake ndi mudzi wina wa ku Bembeke, m'boma la Dedza. Nachi monga chimakhalira m'zolemba zoyamba:

"Limbani adatsika minibasi pa Bembeke ali ndi mantha kwambiri. Padali patatha zaka zisanu ali ku Joni ndipo pamaliro a bambo ake sadabwere. Adachita manyazi kwambiri atafika pakhomo. Mayi ake, aNangozo, atamuona adasangalala komanso adakwiya. Mtima wawo udawawa pokumbukira amuna awo. 'Wabwera?' adafunsa mokwiya. 'Ndabwera amayi, mundikhululukire,' adayankha mwachisoni. ANangozo adamva chisoni ndipo misozi idalengeza m'maso mwawo. Limbani adadziona wolakwa kwambiri. Udali usiku wachisoni m'banjamo."

Chichewa chake n'cholondola, ndipo palibe cholakwika kulemba chotere paulendo woyamba. Ndimeyi ili ngati zikhomo zimene mmisiri amakhoma poyeza nyumba: zikusonyeza pamene khoma lidzadutse. Ntchito yomanga ndi imene yatsala.

Choyamba: pezani pamene mwangotchula

Zisiyeni zolembazo milungu iwiri musanazikonze. Mukaziwerenga tsiku lomwe mwalemba, mutu wanu umadzaza wokha zimene papepala palibe, chifukwa nkhope ya aNangozo inuyo mukuiona. Ikatha milungu iwiriyo, sindikizani chochitikacho ngati mungathe, mizere italikirane kuti pakhale polemba, ndipo tengani cholembera chofiira. Zunguzani liwu lililonse lotchula zamumtima.

M'ndime ili pamwambayi muli mawu osakwana 70, koma malo ozunguza ndi 11: mantha, manyazi, adasangalala, adakwiya, mtima udawawa, mokwiya, mwachisoni, chisoni, misozi, wolakwa, wachisoni. Liwu loti "kwambiri" labwera katatu. Liwu limeneli likachuluka, dziwani kuti mlembi wamva yekha kuti chiganizo chilibe mphamvu, ndiye akuchikankha kumbuyo ngati galimoto yakufa batire.

Ngati nthano yonse ili pakompyuta, dinani `Ctrl+F` musake. Musalembe liwu lonse, chifukwa mawu a Chichewa amasintha kumutu ndi kumchira. Mukasaka "adakwiya" muphonya "anakwiya", "mokwiya", "mkwiyo" ndi "zidamukwiyitsa". Lembani tsinde lokha:

```
kwiy
dandau
sangala
khumudw
dabwa
dabwits
nyazi
chisoni
mantha
misozi
mtima
```

Tsinde loti "opa" musavutike nalo, limakokera "opanda" ndi "osatopa" ambirimbiri. Muyeso umene ungakuthandizeni ndi uwu: tsamba la mawu 300 likakhala ndi malo ozunguza oposa anayi, liikeni pambali kuti mulionenso. Sikuti onsewo achotsedwa ayi. Pakadali pano mukungofuna kudziwa pamene pali ntchito.

Chachiwiri: sankhani maso amodzi, ndipo funsani chimene aliyense akufuna

Taonani kuti m'ndime ija tidalowa mumtima mwa Limbani, kenako mwa mayi ake, kenako mwa Limbani, pomaliza mwa banja lonse. Owerenga akamadziwa zonse za aliyense, palibenso chowadetsa nkhawa. Sankhani munthu mmodzi woti tionere m'maso mwake. Pano asankhidwe Limbani, pakuti ndiye amene sakudziwa ngati alandiridwa kapena ayi. Zimene mayi akumva tidzazidziwa monga momwe iye akuzidziwira, poona zochita zawo ndi pomva mawu awo basi.

Kenako lembani m'mphepete mwa pepala ziganizo ziwiri pa munthu aliyense: akufuna chiyani pakali pano, ndipo chikumuletsa n'chiyani. Musalembe kuti "akufuna mtendere", zimenezo sizigwirika. Limbani akufuna mayi ake amuitane monga ankamuitanira kale, koma sangathe kutchula za maliro chifukwa alibe chifukwa chomveka. ANangozo akufuna mwanayo adziwe kulemera kwa zimene adawasiyira, koma sangamukalipire pamaso pa mdzukulu ndi anthu oyandikana nawo, komanso akuopa kuti akamukalipira abwerera ku Joni. Mukalephera kulemba ziganizo zimenezi, vuto la chochitikacho ndi lalikulu kuposa mawu. Anthu ake alibe chokanganirana, ndipo ngakhale muwapatse manja onjenjemera chidzakhalabe chozizira.

Chachitatu: lembani mwambo wake, kenako muupotoze pamalo amodzi

Apa ndi pamene tikufuna mukhalitse, chifukwa mlembi wa Chichewa ali ndi chida chimene ambiri sachigwiritsa ntchito. Kwathu kuno pafupifupi chilichonse chili ndi kachitidwe kake kodziwika. Wobwera amati odi. Amalandiridwa katundu. Amapatsidwa pokhala, moni umabwera munthu atakhala pansi. Pali amene timati "iwe", pali amene timati "inu", pali amene sitiwatchula dzina koma mfunda, kapena timati bambo a uje. Madzi osamba m'manja amayambira kwa wamkulu. Owerenga anu amazidziwa zonsezi osaganizira n'komwe. Tsono mpangankhani akalumpha chimodzi, kapena akachichita mopitirira muyeso, owerenga amamva msanga kuti mumtima mwa munthuyu muli kanthu.

Chitani chonchi. Papepala lina lembani mndandanda wa zimene zikadachitika pakhomopo Limbani akadabwera pali mtendere. Mayi akadataya zimene adagwira. Akadalulutira, akadamuthamangira, akadamutchula dzina lake laubwana. Ana akadalanda chikwama. Iye akadangolowa m'nyumba, kapena kukhala pamphasa pomwe mayi ali, chifukwa mwana safunsa pokhala kwawo. Lembani zinthu zisanu ndi chimodzi kapena zisanu ndi zitatu, motsatana monga zimachitikira. Tsopano funsani: mayi wokwiya, amene sangakalipe, asintha chiti?

Ambiri apa amasankha kuti mayiyo asayankhe odi kapena alowe m'nyumba. Zimagwira ntchito, koma pali njira yopweteka koposa, ndiyo kuchulutsa ulemu. Munthu wa kuno akakukwiyira kwenikweni amatha kukulemekeza mpaka iwe kusowa pogwira. Mayi akalandira mwana wake ndi ulemu wonse woyenera mlendo, wamuuza kuti si wapakhomo pano, ndipo mwanayo alibe podandaulira poti palibe mwano umene wanenedwa.

Onjezani zinthu ziwiri. China ndi ntchito ya m'manja, yoti munthu azigwira pamene akuyankhula, yogwirizana ndi malo ndi nyengo. Ku Bembeke mwezi wa Juni kumazizira kodetsa nkhawa, ndipo si zachilendo kupeza mayi pakhonde akusankha mbatatesi za mbewu. China ndi katundu mmodzi wa malemu amene adatsala. Mmodzi kapena awiri basi. Mukaika njinga, khasu, wailesi, chipewa ndi ndodo pamodzi, chochitikacho chisanduka kalembera wa chuma cha masiye.

Nachi tsopano chitakonzedwa:

"Adawapeza pakhonde akusankha mbatatesi, zambewu mulu uku, zoola mulu uko. Adaima pafupi ndi nkhokwe chikwama chili m'manja.

'Odi.'

ANangozo adadzutsa mutu. Mbatatesi imene idali m'manja mwawo adaitembenuza kaye, n'kuiika pamulu wake.

'Tadala, tabweretsa mpando. Kwabwera alendo.'

Mwana adatuluka akukoka mpando uja ankakhalira bambo ake a Limbani, nakauika patsinde pa pichesi. Limbani adakhala chakumphepete kwenikweni, chikwama adachipana ndi miyendo. Mayi ake adapukuta manja pachitenje, adabwera, adagwada chapatali.

'Mwayenda bwanji?'

'Ndayenda bwino amayi, kaya inu kuno?'

'Tilipo. Otsalafe.'

Adatsegula chikwama msangamsanga, zipi n'kugwira nsalu. Adalimbana nayo mpaka idatheka.

'Ndakugulirani bulangete. Paja kuno kumazizira.'

'Zikomo kwambiri. Tadala, kaike m'nyumba.' Adalilandira ndi manja awiri, n'kulipereka kwa mwanayo lili m'pepala lake lomwelo. 'Kumazizira ndithu. Chaka chatha mwezi ngati uno ndiye kudanyanya. Amalume anu adagona panja masiku awiri.'

Limbani adayang'ana mulu wa mbatatesi zoola.

'Chaka chino zachita bwanji?'

'Zachita monga zimachitira munda wolima munthu mmodzi.'

Adabwerera pakhonde kukapitiriza ntchito yawo. Mpaka dzuwa kulowa, iye adali pampando pomwepo. Nsima adamubweretsera payekha, m'mbale zovindikira zimene ankadyera abusa akabwera.

Usiku adakhala panja, mphepo yochokera kuphiri ikulowa m'malaya. Adamva chitseko, kenako chinthu cholemera chidamugwera paphewa. Lidali jekete la bambo ake, likununkhabe utsi ndi fodya.

'Vala iwe, ungadwale,' adatero aNangozo ali kale pakhomo. 'Mawa ulawire. Tikauze amalume ako akapemphe kwa amfumu, ukaone pamene adagona.'"

M'chochitika chonsechi mulibe liwu loti mkwiyo, manyazi kapena chisoni. Tiyeni tione chimene chanyamula katunduyo, kuti mukachite nokha pazolemba zanu.

Mbatatesi ija imene mayi akuitembenuza asanayankhe ikugwira ntchito ya "adakwiya". Mwana amene sanamuone zaka zisanu waima pabwalo, iwo akumaliza kaye kusankha mbatatesi imodzi. Kuchedwa kwa kamphindi kameneko n'kokwanira. Manyazi a Limbani ali pa kukhala kumphepete kwa mpando, pa zipi yokana kutseguka chifukwa cha phuma, ndi pa kufunsa za zokolola pamene mayi atchula za amalume. Chiganizo choti "amalume anu adagona panja masiku awiri" sichikutchula maliro, koma aliyense wodziwa kuti amuna amagona panja pa siwa, kuzungulira moto, wamva kuti mayi akuti: ena adazizidwa m'malo mwako. Limbani naye wamva, n'chifukwa chake wathawira ku mbatatesi.

Ndipo chikondi chija chimene ndime yoyamba idangoti "adasangalala komanso adakwiya" chabwera pamapeto ndi liwu limodzi. Tsiku lonse mayi akhala akuti "mwayenda", "amalume anu". Usiku akuti "vala iwe", "amalume ako". Kutsika kuchoka pa "inu" kufika pa "iwe" ndiko kukhululuka kwake, kapena chiyambi chake.

Koma chenjerani pamenepa. M'mabanja ambiri a ku Dedza ndi ku Ntcheu, mwana wamwamuna akakula, makamaka akakwatira, makolo amamupatsa "inu" masiku onse, ena amamuitana ndi mfunda. M'banja lotere "inu" sasonyeza mkwiyo uliwonse. Choncho chida chimenechi chimagwira ntchito pokhapokha mutasonyeza kale, m'mitu yoyambirira, kuti aNangozo ankati "iwe Limba" ngakhale ali ndi ndevu. Mwina pafoni, mwina pomutsanzika tsiku lopita ku Joni. Ngati simudatero, bwererani mukaikemo kawiri kapena katatu. Nthawi zambiri kukonza chochitika cha m'mutu 14 kumafuna kuti mukakhudze mutu 2. Chimodzimodzi mpando ndi jekete: owerenga akhale atawaona kale bamboyo atakhala pampandowo ali moyo, apo ayi ndi mpando wamba.

Chachinayi: chotsani timichira ta pazoyankhula

Pitani pa mawu onse a m'kamwa mwa ampangankhani, muone zimene mwalemba pambuyo pa "adatero", "adafunsa", "adayankha". Mukapeza "mokwiya", "mwachisoni", "mwamantha", phimbani liwulo ndi chala, muwerenge zoyankhulazo pazokha. Ngati mkwiyo ukumvekabe, liwulo ndi lapadera, lichotseni. Ngati sukumveka, vuto lili m'zoyankhulazo, zilembeninso. "Wabwera?" payekha akhoza kunenedwa mosangalala, modabwa kapena mokwiya, n'chifukwa chake mlembi adamata "mokwiya". "Tilipo. Otsalafe" safuna chomata.

Onaninso kuti m'chochitika chokonzedwacho Limbani sananene kuti "mundikhululukire". Anthu akagwidwa ndi nkhani yaikulu sayamba ndi nkhaniyo. Amakamba za mvula, za mtengo wa feteleza, za msewu. Lolani ampangankhani anu azungulire, koma chiganizo chilichonse chikhale chikukhudza bala. Mukasunga kupepesa kwa Limbani mpaka tsiku la kumanda, mwapeza chochitika china champhamvu chimene ndime yoyamba ija idachiwononga ndi liwu limodzi.

Pamene kunena mwachindunji kuli koyenera

Musatenge cholembera chofiira n'kupha liwu lililonse lotchula zamumtima. Chochitika chathu chakula kuchoka pa mawu osakwana 70 kufika pa mawu oposa 200, ndipo tikadafuna chikadapitirira. Mukachita zimenezi patsamba lililonse, nthano ya mawu 40,000 itupa mosanyamulika, ndipo malo ofunika samaonekanso poti onse alemera mofanana. Pa nthano ya msinkhu umenewo, sankhani zochitika pakati pa 8 ndi 12 zimene ubale wa anthu ukusinthirapo: kukumana, kupatukana, kuululika kwa chinsinsi, pampondachimera. Zimenezo ndizo zoyenera ntchito yonseyi.

Kwina konseko nenani mwachindunji, mudutse. Podumpha nthawi, chiganizo ngati "Miyezi itatu yotsatira Limbani ankaopa kudutsa kwa amalume ake" n'chabwino kuposa masamba atatu omuonetsa akuzemba njira. Pa munthu wongodutsa, monga kondakitala wa minibasi ya ku Lizulu amene sitidzakumananso naye, "adakwiya" akwanira. Pali zinanso zimene maso sangaone. Munthu amene akuchita nsanje ndi mbale wake koma akudzida chifukwa cha nsanjeyo, palibe kugwedeza kwa dzanja kungasonyeze zimenezo. Pamenepo mfotokozankhani alowe m'maganizo anene, koma anene chinthu chenicheni cha munthu ameneyu. "Adamva chisoni" ndi za aliyense. "Chimene chinkamuwawa n'chakuti tsiku la malirolo iye adapita kuntchito, ndipo adadya nkhomaliro" ndi za Limbani yekha, ndipo kumeneko n'kunena mwachindunji ndithu, koma kumaluma.

Tisaiwalenso kuti nthano zathu zapamoto zimanena poyera kuti Kalulu adachita mantha, Fisi adakwiya. Kumeneko wokamba nthano ali pomwepo, mawu ake akukwera ndi kutsika, nkhope ikuoneka ndi kuwala kwa moto, omvera akuti "tili tonse". Papepala zonsezo kulibe. Olemba ambiri amatengera kakambidwe ka pamoto osazindikira kuti theka la mphamvu yake lidali m'thupi la wokambayo. Ngati mfotokozankhani wanu mwamupanga dala kukhala ngati gogo wokamba nthano, ali ndi ufulu wonena zambiri mwachindunji, bola mawu ake akhale ndi mchere wawowawo kuyambira tsamba loyamba mpaka lomaliza.

Zimene zimalakwika pokonza

Cholakwika chofala kwambiri ndi kusinthanitsa dzina la zamumtima ndi chiwalo cha thupi. Mlembi wamva kuti asalembe "adachita mantha", ndiye akulemba "mtima udagunda, thukuta lidatuluka, miyendo idanjenjemera". Pa tsamba lotsatira munthu wina wakwiya, mtima ukugundanso. Wina wakondwa, ukugundabe. Zizindikiro zimenezi n'zofanana pa anthu onse ndi pa zomva zonse, motero sizitiuza kanthu za munthu ameneyu. Mudzazizindikira posaka "mtima", "misozi" ndi "adausa moyo". Mukapeza kuti ampangankhani anu onse amausa moyo ndi kupukusa mutu, funsani chimene munthu uyu yekha amachita zikamuvuta. Wina amasesa pabwalo posesedwa kale. Wina amawerenga ndalama zomwezomwezo katatu. Mphunzitsi wopuma ntchito amayamba kukonza Chichewa cha anzake.

Zining'a nazo zimafuna diso lomweli. "Adagwira njakata", "mtima udali m'malere", "nkhope idagwa" ndi mawu okoma, koma adayenda m'kamwa mwa anthu ambiri, moti owerenga amawamva ngati dzina chabe la zamumtima. M'kamwa mwa mpangankhani amakhala bwino, chifukwa anthu amayankhuladi motero. Kwa mfotokozankhani, chimodzi pa chochitika n'chokwana. Mvekero ndi wamphamvu kuposa zining'a poti amajambula chithunzi: "adangoti zyoli", "kukamwa kakasi", "m'nyumba monse zii". Koma mphamvu yake ili pa kusowa kwake. Ikani mmodzi pamene chochitika chafika pothina. Mukaika asanu m'ndime imodzi, nkhani ya maliro imayamba kumveka ngati nthabwala.

Cholakwika china ndi kuonetsa bwinobwino kenako n'kumasulira. Mlembi walemba za jekete lija, ndiye mantha amugwira kuti mwina owerenga samva, akuwonjeza kuti: "Apa Limbani adadziwa kuti mayi ake amamukondabe ngakhale adawalakwira." Chiganizo chimenechi chimalanda owerenga ntchito imene amaikonda, ndipo chimawaonetsa kuti simukuwakhulupirira. Malo ake obisalira ndi chiganizo chomaliza cha ndime ndi chomaliza cha mutu. Yendani m'nthano yonse mukuwerenga ziganizo zomalizazo zokha. Chilichonse choyamba ndi "Apa adadziwa kuti", "Izi zidasonyeza kuti" kapena "Zoonadi", yesani kuchichotsa muone ngati pasowa kanthu. Kawirikawiri mutu umathera pabwino chiganizo chimodzi m'mbuyo.

Palinso kubisa mopitirira. Tikadalemba kuti aNangozo adamuphera nkhuku Limbani, owerenga ena akadati ndi chikondi, ena akadati ndi ulemu wa alendo uja ukupitirira, pakuti nkhuku kwathu imaphedwera onse awiri, mwana wobwera kutali ndi mlendo. Ngati mukufuna owerenga akhale pakati, monga Limbani mwini, nkhukuyo ndi yabwino. Ngati mukufuna amve chinthu chimodzi, sankhani chochita chosasokoneza, kapena ikani chachiwiri chochirikiza. Mbale zovindikira za abusa zija zili m'chochitikamo pa chifukwa chimenechi: zikutsimikiza kuti mpando uja sudali wangozi. Zizindikiro ziwiri kapena zitatu zoloza kumodzi n'zokwanira kuti owerenga agwire.

Chomaliza m'gulu ili ndi nyengo. Mvula yogwa pa maliro alionse ndi dzuwa lowala pa ukwati ulionse zidatopetsa. Kuzizira kwa m'chochitika chathu kuli ndi ntchito: ndiko kwabweretsa bulangete, ndiko kwapatsa mayi mpata wotchula za amalume, ndiko kwatulutsa jekete. Ngati nyengo siikusuntha munthu aliyense kuchita kanthu, ichepetseni. Ndipo ikhale yoona pamalopo ndi pamweziwo. Wowerenga wa ku Tsangano kapena ku Lizulu akapeza mpangankhani akutuluka thukuta usiku wa mu Julaye, kapena mvula yamabingu ikugwa mu Ogasiti, amasiya kukhulupirira ndi misozi yomwe. Kutentha kotero kusungireni nkhani ya kumunsi, ku Golomoti kapena ku Mtakataka, mu Okutobala.

Chachisanu: yesani pa makutu a anthu

Mukamaliza, werengani chochitikacho mokweza muli nokha. Pamene lilime lapunthwa, kapena pamene mwayamba kusintha mawu anu kuti mkwiyo umveke, ikani chizindikiro. Ngati mkwiyo ukufuna thandizo la pakhosi panu, ndiye kuti papepala sunafike.

Kenako pezani anthu awiri kapena atatu amene sakuidziwa nthanoyo. Mmodzi akhale wachikulire wodziwa mwambo wa malo amene mukulemba, wina akhale wachinyamata wokulira m'tauni. Apatseni awerenge okha ngati angathe, inu musafotokoze kalikonse. Musawafunse ngati chawakomera, chifukwa mwaulemu wathu adzati chakoma. Afunseni mafunso atatu awa: mayiyu akumva bwanji za mwana wake? Mwadziwira pati? Mukuganiza kuti mawa kuchitika chiyani?

Funso lachiwiri ndilo lofunika. Akaloza mpando, bulangete losatsegula kapena "vala iwe", ntchito yatheka. Akayankha bwino funso loyamba koma osatha kuloza malo, mwina angoganizira poti nkhani ya mwana wosabwera pamaliro ndi yodziwika, ndiye onaninso ngati zizindikiro zanu zikuoneka. Wachikulire akakuuzani kuti, "Iyayi mwanawe, kwathu mayi sangagwadire mwana wake ngakhale atakwiya chotani," mverani, mufunse chimene mayi wotero angachite, chifukwa yankho lake nthawi zambiri limaposa chimene mudapeka. Wachinyamata akapanda kumva za amalume ogona panja, musathamangire kuwonjeza ndime yofotokoza mwambo wa siwa. Onjezani mawu ochepa m'kamwa mwa mayi momwemo: "Amalume anu adagona panja masiku awiri, iwo ndi adzukulu, nkhuni mpaka kutha." Mukatero mupatseni munthu wina amene sadawerengepo, mufunsenso mafunso atatu omwe aja.